Bwana Akaimirira Kulengeza Zotsatira za Chaka

Pa kampani yomwe imatseka mabuku ake mu Disembala, chaka cha wogwira ntchito sichithera pa Khirisimasi. Mu Januwale mafomu owunikira kagwiridwe ka ntchito amazungulira m'maofesi, aliyense n'kukhala pansi ndi womuyang'anira kuti aone zomwe anakwanitsa ndi zomwe zinamukanika. Mu Febuluwale mamanijala amadzitsekera m'chipinda kuti afananize malikisi. Kenako, chakumapeto kwa Malichi, pabolodi la zidziwitso pamamatidwa kapepala koitanira onse ku msonkhano. Kuyambira tsiku limenelo ntchito imayenda mwa apo ndi apo, chifukwa aliyense akuwerengetsera mumtima kuti mwezi wamawa alandira zingati.

Zomwe bwana wamkulu amayankhula pa msonkhano umenewu sizitenga nthawi yaitali, mwina mphindi 20 zokha, koma anthu amazikumbukira liwu ndi liwu. Mabwana ambiri amaganiza kuti ntchito yawo tsikuli n'kulimbikitsa anthu. Ine ndimaona mwina. Munthu amene wakhala pa benchi kumbuyo uko wabwera ndi mafunso atatu: ndalama zikwera bwanji, malikisi anga anafika bwanji pomwe aliripo, ndipo ngati sindikugwirizana nawo ndigogode pa chitseko cha yani, pofika liti. Bwana akayankha zimenezi mosazungulira, anthu amabwerera ku ntchito ngakhale atakhumudwa. Akazizemba, mayankho amapangidwa ku kantini ndi pa magulu a WhatsApp, ndipo mayankho a kumeneko nthawi zambiri amakhala oipa kuposa zoona zake.

Tiyerekeze kampani yopikulitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira, yomwe nyumba yake yosungiramo katundu ili ku Limbe ndipo malole ake amafika ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Kampaniyi ndi yongoganizira, koma chaka chomwe tiiyikemo ndi chenicheni. Ili ndi antchito 120, ndipo malipiro a onse pamodzi amakwana K48 miliyoni pamwezi. Akuwunika chaka cha 2023, chaka chomwe namondwe wa Freddy anagumula misewu ndi milatho ya m'chigawo cha kummwera mu Malichi, mafuta a galimoto anasowa kangapo, ndipo mu Novembala ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Msonkhano ukuchitika mu Malichi 2024, pomwe mitengo ya zinthu inali itakwera ndi kupitirira 30 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho.

Malikisi pa kampaniyi amayambira pa 1 kulekeza pa 5. Atatha kufananiza, anthu 6 apeza 5, anthu 24 apeza 4, anthu 72 apeza 3, anthu 14 apeza 2, ndipo anthu 4 apeza 1. Bodi yavomereza kuti ndalama za malipiro zikwere ndi 15 peresenti, zomwe ndi K7.2 miliyoni pamwezi. Izi ndiye zomwe bwana wanyamula m'thumba akamalowa m'holo.

Asanatsegule pakamwa pali chinthu chimodzi chomwe chiyenera kukhala chitatheka kale: munthu aliyense akhale atamva malikisi ake kuchokera kwa womuyang'anira, ali awiriwiri, chitseko chili chotseka. Msonkhano wa onse si malo omwe munthu angadziwireko koyamba kuti wapeza 2. Ukafuna kudziwa ngati zimenezi zinachitika, yang'ana nkhope pomwe bwana akutchula manambala. Ngati anthu ayamba kuyang'anana ndi kunong'onezana kuti "anayiwo ndi ati?", ndiye kuti mamanijala ena anabisa makalata m'madirowa poopa kukumana ndi anthu awo maso ndi maso. Zikatero ndi bwino kusuntha msonkhano ndi sabata imodzi kusiyana n'kuchita nawo liuma.

Za ndalama zibwere poyamba

Mwambo wathu pa misonkhano ndi woyamba ndi pemphero, malonje, kuthokoza apampando a bodi ndi kukumbutsana mbiri ya kampani. Palibe cholakwika ndi pemphero kapena moni. Koma bwana akatha mphindi 15 akufotokoza za masomphenya a kampani, palibe amamva, chifukwa makutu onse akudikira nambala imodzi. Choipa kwambiri n'chakuti kuchedwako kumamveka ngati nkhani yoipa ikubwera. Nambalayo ibwere m'mphindi zitatu zoyambirira, ndipo ibwere yosweka bwino. Bwana wa kampani yathu yoyerekezayi angayankhule chonchi:

"Amayi ndi abambo, anzanga pa ntchito, ndiyambe ndi zomwe mwabwerera. Bodi yatipatsa 15 peresenti. Pa imeneyi, 12 peresenti ipita kwa aliyense, posatengera malikisi, chifukwa zinthu zakwera mtengo kwa tonse. Yotsalayo tagawa potengera malikisi. Amene mwapeza 3 mulandira 14 peresenti, amene mwapeza 4 mulandira 18, amene mwapeza 5 mulandira 24. Amene mwapeza 1 kapena 2 mulandira 12 ija. Malipiro atsopano ayamba ndi mwezi wa Epulo. Ndikudziwa kuti ngakhale 24 peresenti siyikufika pomwe mitengo yafika pamsika. Sindikubisirani zimenezo."

Masamu a mawu amenewa amatheka kuwalondola. Gawo la 12 peresenti limadya K5.76 miliyoni, ndipo pamatsala K1.44 miliyoni. Tikaika aliyense pa malipiro apakatikati a K400,000, anthu 72 aja owonjezeredwa 2 peresenti amatenga K576,000, anthu 24 owonjezeredwa 6 peresenti amatenganso K576,000, ndipo anthu 6 owonjezeredwa 12 peresenti amatenga K288,000. Ndalama yathera pomwepo. Kalaliki wa ku akawunti yemwe wakhala pamzere wachitatu awerengetsa zimenezi pa foni msonkhano usanathe, choncho bwana asayerekeze kunena nambala yomwe sanaiyese.

Kulekanitsa 12 peresenti ija ndi zamalikisi n'kofunika kwambiri m'chaka ngati ichi. Bwana akangoti "malipiro akwera pakati pa 12 ndi 24 peresenti potengera kagwiridwe ka ntchito", munthu amene wapeza 2 amamva kuti kukwera kwa mtengo wa ufa ndi chilango cha ulesi wake. Pamene amene wapeza 5 amadziona kuti wapatsidwa mphoto yaikulu, kufikira tsiku lomwe adzalowe m'golosale n'kupeza kuti malipiro ake atsopano akugula zochepa kuposa akale. Onse awiri anamizidwa. Zoona zake n'zakuti pa K5 iliyonse yomwe bodi yapereka, K4 ndi yongothamangitsa mitengo, ndipo K1 yokha ndiyo mphoto ya khama.

Palinso msampha wa nambala ya papepala ndi ndalama ya m'manja. Titenge kalaliki wolandira K300,000 yemwe wapeza 3. Malipiro ake akwera ndi K42,000. Malinga ndi misonkho yomwe inayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba inalibe msonkho, ndipo kuchokera pamenepo kufika pa K500,000 msonkho unali 25 peresenti. Choncho K10,500 ipita ku MRA. Ina K2,100 ipita ku penshoni, popeza wantchito amasonkha 5 peresenti pomwe womulemba ntchito amaikapo 10 peresenti. M'manja mwake mutsala pafupifupi K29,400. Ngati bwana sanachenjeze za zimenezi, kumapeto kwa Epulo ku ofesi ya malipiro kumadzaza anthu oganiza kuti aberedwa. Chiganizo chimodzi chokha chimakwanira: maperesenti onsewa ndi a malipiro asanadulidwe msonkho ndi penshoni, ndipo kalata ya aliyense ionetsa zotsala. Bonasi nayonso imadulidwa msonkho, ndipo ngati chaka chino kulibe, bwana anene kuti kulibe. Mawu oti "tikuyang'anabe" anthu amawamva ngati lonjezo, ena mpaka kukatengera ngongole ku banki mkhonde.

M'chipinda cha mamanijala munachitika zotani

Gawo lovuta kwambiri la msonkhanowu ndi kufotokoza chifukwa chomwe malikisi ena anasinthira. Wantchito anakhala pansi ndi kapitawo wake mu Januwale, anagwirizana kuti wapeza 4, onse anasaina. Kalata yabwera ndi 3. Kwa iye nkhani ndi yachidziwikire: wina wamudyera kuseri.

Kufananiza malikisi kuli ndi chifukwa chake chomveka. Oyang'anira anthu sapereka malikisi mofanana. Pa kampani yathu ija, tinene kuti manijala wa zamalonda ndi munthu wosafuna kudana ndi anthu, ndipo pa anthu ake 20 anapereka 4 kapena 5 kwa anthu 17. Kapitawo wa kosungira katundu ndi wouma dzanja, amakhulupirira kuti 5 ndi wa angelo, ndipo pa anthu 35 palibe anamupatsa kuposa 3. Zikasiyidwa choncho, gawo lalikulu la K1.44 miliyoni ija lidzathera ku zamalonda, osati chifukwa anagwira bwino ntchito koma chifukwa bwana wawo ndi wofewa mtima. M'chipinda muja manijala aliyense amafunsidwa umboni: munthu uyu wamupatsa 4, anachita chiyani choposa zomwe munagwirizana kumayambiriro kwa chaka? Palinso matenda ena omwe amagwidwa momwemo. Woyang'anira amakumbukira cholakwa cha mu Disembala n'kuiwala miyezi 11 yabwino. Kapena amakweza munthu yemwe amacheza naye, wakwawo, wa mpingo umodzi. Njira yosavuta yozindikirira ndi kuika malikisi a dipatimenti iliyonse pambali pa zomwe dipatimentiyo inakwanitsa. Ngati malonda anatsika koma ogulitsa onse ndi akatswiri, china chake chalakwika.

Bwana anene zimenezi poyera, ndi manambala ake. Angati: "Pa mafomu 120, tinasintha malikisi 19. Khumi ndi awiri anatsika, asanu ndi awiri anakwera. Aliyense amene malikisi ake anasintha ali ndi ufulu womva chifukwa chake, ndipo chifukwacho chalembedwa." Kutchula kuti ena anakwera n'kofunika, chifukwa anthu amaganiza kuti chipinda chija n'chodulira malikisi basi. Asatchule dipatimenti yomwe inali yofewa kapena youma. Akatero wachititsa manyazi manijala pamaso pa anthu ake, ndipo chaka chamawa manijalayo adzaumitsa dzanja mopyola muyezo.

Nkhani ya madalaivala ndiyo imaonetsa ngati kuwunikaku kunali ndi nzeru kapena kunali kungodzaza mafomu. Mu Januwale 2023 dalaivala wa njira ya ku Nsanje anasainira kuti pa maulendo 100 alionse, 95 azifika pa tsiku lake. Chaka chatha ali pa 78. Papepala walephera. Koma mu Malichi ndi Epulo misewu inali yoduka, ndipo masiku ena lole inagona pamzere wa dizilo. Komiti ya mamanijala yoganiza bwino imachotsa masabata amenewo n'kuwerengetsanso, ndipo mwina dalaivalayo amapezeka ali pa 95, womwe ndi 3 wabwinobwino. Bwana afotokoze lamulo lomwe anatsata: masabata akutiakuti sanawerengedwe kwa aliyense yemwe ntchito yake imadalira msewu ndi mafuta. Lamulolo likanenedwa pagulu, dalaivala yemwe anaiwalidwa amadziwa kuti ali ndi poyambira. Likabisidwa, limaoneka ngati chifundo chomwe anachitiridwa okondedwa okha.

Funso lomwe wina wolimba mtima amafunsa ndi lakuti, kodi munakonzeratu kuti opeza 5 akhale angati? Funsoli lili ndi mbiri yake. Jack Welch, yemwe anatsogolera kampani ya General Electric ku America kuyambira 1981 mpaka 2001, anatchuka ndi njira yogawa antchito patatu: 20 pa 100 alionse apamwamba, 70 apakati, ndi 10 apansi omwe amayenera kuchoka. Makampani ambiri anatengera njirayi, ndipo ena anadzaisiya. Microsoft inaisiya mu 2013. Vuto lake limaonekera bwino pa gulu laling'ono: mu ofesi ya anthu asanu omwe onse ndi akhama, mmodzi amayenera kukhala wotsika basi, ndipo anthu amasiya kuthandizana. Ngati kampani ili ndi malire otere, bwana avomere ndi kunena kuti malirewo ndi otani. Ngati ilibe, anene kuti ilibe, koma akhale wotsimikiza, chifukwa mamanijala omwe anauzidwa kuti "chepetsani ma 4" ali m'holo momwemo ndipo amayankhula ndi anthu awo.

Anthu 72 omwe apeza 3 ndiwo amaiwalidwa kawirikawiri. Bwana amatamanda asanu ndi mmodzi apamwamba, n'kuchenjeza apansi, osanena kanthu za gulu lalikulu lomwe limanyamula kampani. Kusukulu tinazolowera kuti 3 pa 5 ndi kungokhoza mwamwayi, choncho pafunika kunena momveka kuti pano 3 akutanthauza kuti munthu wachita zonse zomwe anagwirizana. Za kuitanira opambana kutsogolo kuti awomberedwe m'manja, ine ndimakayika nazo. M'malo mwathu muno munthu wotchulidwa dzina pagulu pa nkhani ya ndalama amabwerera pampando ali ndi adani atsopano ndi opempha ngongole. Afunsidwe kaye ngati akufuna.

Anthu 18 apansi aja

Apa m'pomwe lilime la bwana lingaike kampani m'mavuto. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000, mu gawo 57, limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, ndipo pa nkhani ya luso kapena khalidwe ayenera kupatsidwa kaye mwayi wodziteteza. Mlandu ukafika ku khothi loona za pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito, wolemba ntchito ndiye amayenera kuonetsa chifukwa chake ndi kuti anachita mwachilungamo. Tsono bwana akanena pamaso pa anthu 120 kuti "amene mwapeza 1 yambani kulongedza", wapereka mboni 120 zoti chigamulo chinapangidwa munthu asanamvedwe. Mawu onenedwa mwanthabwala nawonso amawerengedwa, ndipo masiku ano pa msonkhano uliwonse pali foni yomwe ikujambula.

Malikisi otsika si chikalata chochotsera munthu. Ndi chiyambi cha ndondomeko, ndipo bwana afotokoze ndondomekoyo kwa onse, kuti amene ili kuwakhudza asaoneke ngati osalidwa. Pa kampani yathu ija zingamveke motere: "Amene mwapeza 1 kapena 2 mukhala pansi ndi okuyang'anirani pasanafike pa 12 Epulo. Mugwirizana zinthu zosaposa zitatu zoti zisinthe, ndipo zilembedwa. Kampani ilembanso zomwe ichite kuti ikuthandizeni, kaya ndi maphunziro, kaya zipangizo. Muzikumana kumapeto kwa mwezi uliwonse kwa miyezi itatu. Kumayambiriro kwa Julayi tidzaonanso. Palibe amene wachotsedwa ntchito lero, ndipo palibe mndandanda wa ochotsedwa."

Zinthu zitatuzo zikhale zoyezeka. Kulembera wosunga katundu kuti "asinthe khalidwe" n'kumutaya m'tchire. Kumulembera kuti katundu wowerengedwa pa shelefu asamasiyane ndi wa m'buku kupitirira makatoni awiri pamwezi, ndiye kuti iye ndi kapitawo wake adzadziwa onse mu Julayi ngati zatheka. Ndondomeko yabodza imadziwika msanga: misonkhano ya pamwezi sichitika, maphunziro olonjezedwa sabwera, kenako mwezi wachitatu kumatulukira kalata. Ndondomeko yotere ikafika ku khothi imaonetsa kulephera kwa kampani kuposa kwa wantchito.

Bwana asasakanize nkhaniyi ndi yochepetsa antchito. Ngati malonda atsika moti kampani ikuganiza zotseka depoti ya kwinakwake, imeneyo ndi nkhani ina, yokhala ndi zokambirana zake ndi ndalama zake za chipukuta misozi zomwe lamulo limawerengera potengera zaka zomwe munthu wagwira. Kugwiritsa ntchito malikisi ngati njira yachidule yochotsera anthu omwe kampani yalephera kuwalipira kumapha kuwunika konse. Chaka chotsatira palibe amene adzavomere cholakwa chilichonse pa fomu.

Chotsala ndi khomo la apilo. Kunena kuti "chitseko changa n'chotsegula" sikuthandiza mlonda kapena wonyamula katundu, yemwe sanalowepo mu ofesi ya bwana wamkulu chiyambire ntchito. Pafunika tsiku, munthu ndi njira: masiku 14 kuchokera pomwe walandira kalata, dandaulo lipite ku ofesi yoona za antchito, lolembedwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ndipo wosatha kulemba anene pakamwa wina amulembere. Omva apiloyo asakhale yemwe anapereka malikisi. Wodandaula aloledwe kubwera ndi mnzake wa pa ntchito kapena nthumwi ya bungwe la antchito ngati lilipo. Yankho libwere malipiro a Epulo asanatsekedwe, kapena ngati lachedwa, ndalama yotsalira idzaperekedwe kuyambira Epulo yemweyo. Bwana anenenso kuti kuchita apilo sikungatsitse malikisi a munthu, apo ayi anthu adzaopa. Ndipo ngati pa anthu 120 palibe ndi mmodzi yemwe wachita apilo, asadzitame kuti onse akhutira. Kawirikawiri zimatanthauza kuti anthu sakukhulupirira kuti khomolo ndi lenileni.

Nthawi ya mafunso imakonda kukhala chete, chifukwa mwaulemu wathu munthu safunsa bwana za ndalama pagulu, makamaka kapitawo wake ali pomwepo. Njira yothandiza ndi kuika bokosi masiku atatu msonkhano usanachitike kuti anthu aponyemo mafunso opanda maina, bwana n'kuwerenga ovutawo mokweza, kuphatikizapo lija loti mamanijala akwezeredwa zingati. Pa limeneli yankho loona ndi limodzi: ngati akutsata maperesenti omwewa, anene, ngati bodi ili ndi dongosolo lina la akuluakulu, anenenso. A shifiti ya usiku ndi a ku madepoti asamve nkhaniyi kwa anzawo mawa lake. Tsiku lomwelo pepala limodzi la maperesenti ndi masiku onse limatidwe pa bolodi lililonse, m'zinenero zonse ziwiri.

Papepala lomwelo pakhalenso tsiku lomaliza kugwirizana zolinga za chaka chatsopano. Msonkhano ukuchitika kumapeto kwa Malichi, kutanthauza kuti miyezi itatu ya 2024 yapita kale anthu akugwira ntchito osadziwa chomwe adzayezedwe nacho. Kampani yathu ija ikaika 30 Epulo ngati malire, ndi kukumananso mu Ogasiti kuti aone pomwe afika, dalaivala wa ku Nsanje adzakhala ndi mpata wopempha kuti fomu yake ilembedweretu zomwe zidzachitike ngati dizilo asowanso kapena mlatho ukokoloka, m'malo modikira kuti komiti idzamukumbukire mu Febuluwale.